Foni ndi tivi zili pa wayifayi imodzi, nanga bwanji sizikuonana?

Kabatani kamene anthu amadina akafuna kuonera za mufoni pa tivi n'kamodzi, kabokosi kokhala ndi timizere topindika pakona. Koma kuseri kwake kuli ntchito ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo mavuto ambiri amene anthu amadandaula nawo amayamba chifukwa chosadziwa kuti foni ikugwira iti mwa ntchito ziwirizo. Wina bandulo ya mwezi imamuthera pa masiku ochepa. Wina amaona mdima wokhawokha pa tivi mawu akumveka. Wina tivi siionekera n'komwe pa mndandanda, chonsecho zonse ziwiri zikuonetsa kuti zalumikizidwa ku wayifayi ya m'nyumba momwemo.

Ntchito yoyamba tiitchule kuti ya kalilole. Apa foni imajambula sikirini yake yomwe, zithunzi makumi angapo pa sekondi iliyonse, n'kuzipana kuti zikhale vidiyo yopepuka, kenako n'kuzitumiza ku tivi. Chilichonse chimene chili pa foni chimaoneka pa tivi: nthawi, batire, uthenga wa pa WhatsApp ukalowa, ngakhale pamene mukusakasaka chithunzi m'foni. Tivi siidziwa kuti ikuonetsa chiyani. Imangolandira ndi kuonetsa. Foni ikazima kapena mukatuluka nayo panja, zonse zathera pomwepo.

Ntchito yachiwiri ndi yotuma. Mukatsegula YouTube pa foni n'kudina kabatani kaja mkati mwa apuyo, foni situmiza vidiyo ayi. Imangouza tivi kuti tsegula YouTube yako, sewera vidiyo yakuti, yambira pa mphindi yakuti. Tivi ndiyo imapita yokha pa intaneti kukatenga vidiyoyo, foni n'kutsala ngati rimoti chabe. Mungathe kuyankha foni, kuithimitsa sikirini, ngakhale kupita nayo kugolosale, vidiyo ikupitirira kusewera pabalaza.

Kudziwa imene ikuchitika n'kosavuta. Zimitsani sikirini ya foni kapena tsegulani apu ina. Ngati tivi yasintha limodzi ndi foni, muli pa kalilole. Ngati vidiyo ikungopitirira, mwaituma.

Amene akutenga vidiyo ndi amene akudya bandulo

Kwa munthu amene intaneti yake ndi yopanda malire, kusiyana kumeneku kulibe kanthu kwenikweni. Koma m'nyumba zambiri za kuno wayifayi imachokera mu MiFi kapena mu rauta yolowetsa simukhadi, ndipo bandulo yake ili ndi polekezera. Pamenepo m'pofunika kuwerengera.

Mukaituma tivi, iyo ndiyo imasankha kuwala kwa chithunzi, osati foni. Foni yanu mwina munaiika kuti izisewera mavidiyo pa 480p pofuna kusunga deta. Tivi siimva zimenezo. Imayang'ana kukula kwa sikirini yake ndi liwiro la netiweki, n'kutenga chithunzi chabwino kwambiri chimene ingakwanitse. YouTube imanena kuti 480p imafuna liwiro la 1.1 Mbps, 720p imafuna 2.5 Mbps, 1080p imafuna 5 Mbps, ndipo 4K imafuna 20 Mbps. Kuti mudziwe deta ya pa ola, chulukitsani nambalayo ndi masekondi 3600, mugawe ndi 8, ndipo yankho lake ndi ma MB. Pa 480p mupeza pafupifupi theka la GB pa ola. Pa 1080p mupeza 2.25 GB. Pa 4K mupeza 9 GB. Mavidiyo ambiri amadya zocheperako kuposa pamenepo, maka amene chithunzi chake sichiyendayenda, koma kasiyanidwe kake n'komweko: ulaliki wa maola awiri umene pa foni ukanadya pafupifupi 1 GB, pa tivi ungadye kanayi kuposa apo. Choncho mukangotuma vidiyo, tengani rimoti ya tivi, lowani pa kagiya ka mu YouTube, pa Quality, mutsitse nokha. Pa tivi ya mainchesi 32 mutakhala pa sofa, 720p imakwanira bwinobwino.

Pa kalilole nkhani ndi ina. Zithunzi zochoka pa foni kupita pa tivi zimayenda m'nyumba momwemo, sizituluka kupita pa intaneti, choncho sizikhudza bandulo. Ngati vidiyoyo ili kale m'foni, monga ya ukwati imene wojambula anakuikirani kapena imene munaitsitsa kuntchito, kuionera pa kalilole sikudya deta. Ngati ikuchokera pa intaneti, deta imene ikupita ndi yomwe foni ikanadya mukanaonera pa foni pomwepo. Mtengo wake mumaulipira kwina: foni imatentha, batire limatsika msanga, ndipo chithunzi sichiwala ngati cha njira yotuma chifukwa chapanidwa kawiri. Ine ndimati za m'foni muzionera pa kalilole, za pa intaneti muzituma mutatsitsa kuwala kwake.

Zilankhulo zitatu zosamvana

Foni ndi tivi zingathe kukhala pa netiweki imodzi koma osamvana chifukwa opanga ake anazipatsa njira zolankhulirana zosiyana. Zikuluzikulu zilipo zitatu.

Google Cast inabwera ndi kachipangizo ka Chromecast mu 2013, ndipo lero imapezeka mkati mwa matiivi oyendera Android TV kapena Google TV, monga ambiri a Sony ndi TCL ndi ena a Hisense. Imagwira ntchito zonse ziwiri. Kutuma kumachitika mkati mwa apu imene mukuonera. Kalilole mumamupeza potsitsa kansalu ka pamwamba pa foni ya Android n'kudina Cast kapena Screen Cast, kapenanso mu apu ya Google Home, posankha tiviyo n'kudina Cast my screen. Zonsezi zimadutsa mu rauta, choncho netiweki imodzi ndi lamulo.

AirPlay ndi ya Apple. Pa iPhone mumatsegula Control Centre n'kudina Screen Mirroring, n'kusankha tivi. Koyamba tivi imaonetsa manambala anayi oti mulembe pa foni. Kuyambira mu 2019 makampani monga Samsung, LG ndi Sony anayamba kuika AirPlay 2 m'matiivi awo, koma nthawi zina imabwera yozimitsa, ndiye muyenera kukaiyatsa mu Settings ya tivi. Nayonso imadalira rauta. iPhone siidziwa Miracast, ndipo payokha siichita kalilole pa Google Cast, ngakhale kuti mkati mwa YouTube imatuma bwinobwino.

Yachitatu, Miracast, ndiyo imasokoneza anthu kwambiri, chifukwa siifuna rauta n'komwe. Bungwe la Wi-Fi Alliance linaikhazikitsa mu 2012, ndipo imagwiritsa ntchito Wi-Fi Direct, kutanthauza kuti foni ndi tivi zimapanga kanjira kawokawo kolumikizirana mwachindunji. Intaneti siifunika, bandulo siifunika, chofunika n'chakuti wayifayi ikhale yoyatsa pa zonse ziwiri. Imachita kalilole yekha, kutuma ayi. Dzina lakuti Miracast simuliona kawirikawiri, popeza kampani iliyonse inaipatsa lake: Smart View pa mafoni a Samsung, Screen Share pa matiivi a LG, Anyview Cast kapena Screen Sharing pa Hisense, Wireless Display pa mafoni ena. Pa matiivi ambiri muyenera kutsegula kaye pulogalamu imeneyo ndi rimoti, tivi ikhale ikudikira, ndiye foni iione. Munthu amene sanachite zimenezi amafufuza mpaka kutopa, tivi ili phee pa HDMI 1. Google inachotsa Miracast mu Android yake kuyambira pa Android 6, n'chifukwa chake mafoni a Pixel alibe, pamene Samsung, Xiaomi ndi ena ambiri anaibwezeramo okha.

Pali msampha wina wa m'mashopu. Matiivi ena otsika mtengo amalembedwa kuti ndi a Android pa katoni, koma si Android TV yovomerezedwa ndi Google. Ndi Android wamba wongoikidwa pa tivi. Mumawadziwa poti Play Store yeniyeni mulibe, muli kasitolo ka maapu kachilendo. Amenewa alibe Google Cast, ndipo ngakhale mutakonza rauta usiku wonse sadzaonekera mu Google Home. Amadalira Miracast kapena apu yawoyawo imene imafuna kuti muike inzake pa foni.

Choncho funso loyamba si la netiweki ayi. Ndi lakuti, kodi foni iyi ndi tivi iyi zili ndi chilankhulo chimodzi? Foni ya Pixel ndi tivi ya Miracast yokha sizidzachita kalilole, ngakhale wayifayi itakhala yabwino chotani. Zikatero mankhwala ake ndi kachipangizo kobaya pa HDMI komva chilankhulo cha foniyo, basi.

Netiweki imodzi n'chiyani kwenikweni

Tinene kuti chilankhulo n'chimodzi: foni ya Android ndi tivi ya Google TV, kapena iPhone ndi tivi ya AirPlay. Foni imadziwa bwanji kuti m'nyumba muli tivi? Palibe amene anaiuza adiresi yake.

Chimene imachita n'kufuula. Imatumiza kauthenga kamodzi kopita kwa onse, kofunsa kuti alipo pano womva Google Cast? Tivi ikamva imayankha, kutchula dzina lake ndi adiresi yake, ndipo dzinalo ndi limene limatulukira pa mndandanda wa pa foni. Njira imeneyi imatchedwa mDNS, Apple amaitcha Bonjour, ndipo uthengawo umapita ku adiresi yapadera, 224.0.0.251, pa khomo 5353. Zili ngati mnyamata wa amfumu akamalengeza madzulo: a m'mudzi momwemo onse amamva, koma mawuwo sawoloka kukafika mudzi wina ngakhale nyumba zake zitayandikana. Adiresi imeneyi inapangidwa dala kuti isamadutse rauta. Rauta ndi malire a mudzi.

Ndiye netiweki imodzi sikutanthauza nyumba imodzi, kapena intaneti yochokera kwa kampani imodzi, ngakhalenso dzina la wayifayi lofanana. Kumatanthauza kuti foni ndi tivi zili mkati mwa malire a rauta imodzi, ndipo rautayo ikulola kuti zilankhulane. Tiyeni tione nyumba imodzi kuti zimveke.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zinayi ya njerwa zootcha. Pabalaza pali rauta ya 4G ya Huawei yolowetsa simukhadi, ndipo tivi ili pafupi nayo. Kuchipinda wayifayi siinkafika bwino, ndiye mwana wa m'nyumbamo anagula rauta yachiwiri ya TP-Link, n'kuiika m'khonde lamkati, n'kuilumikiza ndi yoyamba ija ndi waya. Pofuna kuti makolo asavutike, anaipatsa dzina ndi pasiwedi zofanana ndi zoyamba. Intaneti ikugwira paliponse, aliyense wasangalala. Koma tsopano kuonera pa tivi kwasanduka kwamwayi: tsiku lina tivi ikuoneka pa foni, tsiku lina ayi. Bambo akuganiza kuti tivi yayamba kufa.

Kuti mupeze chavuta, yang'anani maadiresi. Pa foni lowani mu Settings, Wi-Fi, dinani dzina la netiweki, mupeze polembedwa IP address. Pa tivi lowani mu Settings, Network, pa Network Status kapena pofanana napo. M'nyumba imeneyi, tsiku limene zikukana, mupeza zotere:

```
Tivi: 192.168.8.112
Foni: 192.168.0.104
```

Pa netiweki za m'nyumba, manambala atatu oyambirira ndiwo dzina la mudzi, lachinayi ndi nambala ya nyumba. Apa tivi ili pa 192.168.8, foni ili pa 192.168.0. Ndi netiweki ziwiri. Chinachitika n'chakuti waya uja analowetsedwa pa bowo la WAN la rauta yachiwiri, ndipo rautayo inayamba kugawa maadiresi akeake ngati kuti ndiyo mwini nyumba. Foni ikagona kuchipinda imagwira rauta yachiwiri, ndipo m'mawa mwini wake akabwera nayo pabalaza siisiya, popeza mphamvu yake ikadali yokwanira. Dzina la wayifayi pa sikirini ndi lomwelo, choncho palibe choonetsa kuti pali vuto. Tsiku limene foni yalowa m'nyumba kudzera pakhomo la pabalaza n'kugwira rauta yoyamba, zonse zimayenda.

Kuti mutsimikize, imani pafupi ndi rauta ya pabalaza, zimitsani wayifayi ya pa foni, muyatsenso. Adiresi ikasintha kukhala yoyamba ndi 192.168.8 tivi n'kutulukira, mwagwira mbava. Koma kumeneko n'kupepesa chabe. Kukonza kwenikweni n'kuichotsa ufumu rauta yachiwiri. Lowani m'tsamba lake kudzera pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, mupeze Operation Mode, musankhe Access Point. Ikayakanso imasiya kugawa maadiresi, n'kumangofalitsa wayifayi ya rauta yoyamba, ndipo nyumba yonse imakhala pa 192.168.8. Ngati rautayo ndi yakale yopanda Access Point, zimitsani DHCP yake, imene imagawa maadiresi, muipatse adiresi ya m'gulu la rauta yoyamba imene palibe akuigwiritsa ntchito, monga 192.168.8.2, kenako muchotse waya pa WAN muulowetse pa limodzi la mabowo a LAN. Zotsatira zake n'zomwezo.

Mukuyang'ana maadiresi choncho, mukapeza tivi ili ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti siinalandire adiresi kuchokera ku rauta, inangodzipatsa yokha. Zimachitikachitika magetsi akabwera, tivi n'kuyaka msanga rauta isanadzuke. Izuleni kukhoma, dikirani rauta ikhazikike, muyatsenso. Kuithimitsa ndi rimoti sikukwanira, chifukwa matiivi ambiri amangogona, sazima.

Maadiresi akugwirizana koma tivi kulibe

Apa ndiye kuti muli mkati mwa rauta imodzi, koma china chake chikutsekereza uthenga uja. Woyamba kumukayikira ndi chotchinga chimene rauta zambiri zili nacho, cholembedwa AP Isolation kapena Client Isolation. Chikayatsidwa, chipangizo chilichonse chimaloledwa kupita pa intaneti koma osalankhula ndi chinzake. Cholinga chake n'chabwino: pamalo ogona alendo kapena pa lesitilanti simungafune kuti mlendo wa chipinda china aziona laputopu yanu. N'chifukwa chake kuonera pa tivi ya kumalo ogona kapena ya m'holo ya misonkhano kumakanika kawirikawiri, ndipo palibe chimene mungasinthe pa foni kuti zitheke. Kunyumba, chotchingachi chimapezeka m'tsamba la rauta pa zoikamo za wayifayi, ndipo mungathe kuchizimitsa. Netiweki ya alendo, imene dzina lake limathera ndi Guest, imakhala nacho choyatsiratu. Ngati woika tivi anailumikiza ku ya alendo chifukwa pasiwedi yake inali yaifupi kulemba ndi rimoti, vuto lanu ndi limenelo.

Anthu ambiri amaopa nkhani ya 2.4 GHz ndi 5 GHz, akaona mayina awiri a wayifayi pa rauta imodzi. Nthawi zambiri si vuto. Awiriwo ndi makomo awiri olowera netiweki imodzi, ndipo foni ya pa 5 GHz imaiona bwinobwino tivi ya pa 2.4 GHz. N'chimodzimodzi tivi yolumikizidwa ndi waya ku rauta pamene foni ili pa wayifayi. Pali rauta zochepa zimene zimalephera kuwolotsa uthenga wofuula uja pakati pa makomo awiriwo, choncho kuika zonse pa dzina limodzi ndi kuyesa koyenera, koma musayambire pamenepo.

Chachiwiri chili m'foni. VPN ikayaka imatenga mauthenga a foni n'kuwalowetsa m'ngalande yopita kutali, ndipo tivi ya pamphuno pomwepa imasowa. Izimitseni, kapena fufuzani mkati mwake posankha kulola netiweki ya m'nyumba. Pa iPhone, kuyambira iOS 14, apu iliyonse imapempha chilolezo choona zipangizo za pa netiweki. Ambiri amadina kukana osawerenga, ndiye YouTube siionanso tivi. Mumabwezera polowa mu Settings, Privacy & Security, Local Network, n'kuyatsa pa dzina la apuyo. Pa mafoni atsopano a Android chilolezo chofanana nacho ndi Nearby devices. Ndipo musaiwale chophweka kwambiri: foni ina ikaona kuti wayifayi ilibe intaneti, monga bandulo ya mu rauta ikatha, imathawira pa deta ya simukhadi yake mwakachetechete.

Ngati mukungofuna YouTube ndipo rauta si yanu, pali njira yozembera zonsezi. Pa YouTube ya pa tivi lowani mu Settings, musankhe Link with TV code. Tivi ionetsa manambala, muwalembe mu YouTube ya pa foni pa Watch on TV. Apa foni ndi tivi zimalankhulana kudzera pa makompyuta a YouTube, osati m'nyumba, choncho zimatheka ngakhale foni ili pa deta yake, tivi ili pa wayifayi.

Nanga amene alibe rauta, amene tivi amaipatsa intaneti kuchokera pa hotisipoti ya foni? Zimatheka, koma foni yomwe ikupereka hotisipotiyo ndi imene imavuta kuonetsera, chifukwa wayifayi yake yatanganidwa ndi ntchito ya urauta. Mafoni ambiri amakuuzani kuti muzimitse hotisipoti musanayambe Miracast. Google Cast kuchokera pa foni yomweyo imatheka pa mafoni ena, pa ena ayi. Chodalirika n'kugwiritsa ntchito mafoni awiri: ina ipereke hotisipoti, ina ilowe pamodzi ndi tivi n'kumaonetsa. Ngati vidiyo ili kale m'foni ndipo tivi ili ndi Miracast, hotisipotiyo n'njosafunika, izimitseni.

Zalumikizana, koma chithunzi chikudukaduka

Pa kalilole wa Google Cast kapena AirPlay, chithunzi chimayenda mumlengalenga kawiri: kuchoka pa foni kupita pa rauta, kuchoka pa rauta kupita pa tivi. Ngati zonse zili pa 2.4 GHz, maulendo awiriwo akulimbirana njira imodzi, imenenso ikugwiritsidwa ntchito ndi mafoni onse a m'nyumba, wayifayi za oyandikana nawo, ndi masipika a Bluetooth. Zotsatira zake ndi chithunzi choima n'kudumpha, kapena chosweka m'timabokosi. Liwiro la intaneti lilibe nazo gawo, choncho kugula bandulo yaikulu sikuthandiza. Chothandiza kwambiri ndi waya. Ngati tivi ili ndi bowo la LAN ndipo rauta ili pafupi, ilumikizeni, ulendo umodzi wa mumlengalenga uchoke. Kupanda apo ikani zonse pa 5 GHz, pokumbukira kuti 5 GHz imathamanga koma imafooka ikadutsa khoma la njerwa. Rauta yobisidwa kuseri kwa tivi kapena m'kabati nayonso imadzichepetsera mphamvu. Pa MiFi yaing'ono imene yanyamula mafoni a banja lonse, kalilole amavutika, ndipo Miracast imachita bwino chifukwa siidutsamo.

Ngakhale zonse zili bwino, kalilole amachedwa pang'ono, kachigawo ka sekondi, chifukwa kujambula, kupana, kutumiza ndi kumasula zimatenga nthawi. Pa zithunzi ndi mavidiyo simungazindikire. Pa masewera ofuna chala chachangu mudzazindikira, ndipo palibe batani lothetseratu zimenezo, ngakhale Game Mode ya pa tivi imachepetsako mbali ya tiviyo.

Mdima pa tivi mawu akumveka si kuwonongeka. Maapu a mafilimu olipira amateteza zimene akuonetsa kuti zisajambulidwe, ndipo popeza kalilole ndi kujambula sikirini, foni imaika mdima pamalo pa filimuyo. Maapu ambiri a mabanki amachitanso chimodzimodzi, ndipo amachita bwino. Mungadziwe poyesa kujambula sikirini pa foni pomwepo: ikakana kapena ikatulutsa chithunzi chakuda, pa tivi sichidzaonekanso. Njira yake ndi kutsegula apu yomweyo pa tivi n'kulowa ndi akaunti yanu. Musataye ndalama pa maapu olonjeza kudutsa chitetezo chimenechi. Ambiri a iwo ndi zotsatsa malonda zokhazokha, ndipo akamagwira ntchito amangotsegula Cast yomwe ili kale m'foni.

Mizere yakuda m'mbali imabwera chifukwa cha kapangidwe. Tivi ndi 16:9, pamene mafoni ambiri a masiku ano ndi ataliatali, pafupifupi 20:9. Foni ikaimirira, tivi imaonetsa kachigamba kopyapyala pakati. Yatsani Auto-rotate, mugoneke foni, mutsegule vidiyo sikirini yonse. Mu Smart View ya Samsung muli posankha Phone aspect ratio, pamene mungauze foni kuti itengere kapangidwe ka tivi.

Chomaliza ndi cha ulemu wanu. Kalilole sasankha. Mukuonetsa zithunzi za chinkhoswe kwa apongozi ndi abale, uthenga uliwonse wolowa ukuwerengedwa ndi balaza lonse, kuphatikizapo wa ndalama zolowa pa foni ndi manambala achinsinsi otsimikizira. Musanayambe, yatsani Do Not Disturb, ndipo musalembe pasiwedi iliyonse tivi ikuonetsa, chifukwa zilembo zimene mukudina zimaoneka. Mafoni atsopano a Android amafunsa ngati mukufuna kuonetsa sikirini yonse kapena apu imodzi yokha, ndipo pagulu sankhani apu imodzi. Pa njira yotuma vuto lake ndi lina: aliyense amene munamupatsa pasiwedi ya wayifayi angathe kuiona tivi yanu pa foni yake n'kuituma, ngakhale ali m'nyumba yoyandikana. Matiivi a Samsung amafunsa chilolezo chipangizo chatsopano chikafuna kulumikiza ndipo amasunga mndandanda wa zololedwa, umene mungachotsemo zimene simukuzidziwa. Pa AirPlay mungaike kuti izifunsa manambala nthawi zonse, pa Require Code. Pa Google Cast chitseko chenicheni ndi pasiwedi ya wayifayi, choncho anthu obwera muziwapatsa netiweki ya Guest ija, imene chotchinga chake chimawalola pa intaneti koma osafika pa tivi.